Giredi imodzi, makalata asanu: mmene mungafananizire malipiro ndi maalawansi a gulu limodzi

Nkhani imeneyi siyambira mu ofesi ayi. Imayambira m'galimoto pochokera kumudzi, kapena pa nsima ya masana, wina akangolasa mawu kuti "ine ya nyumba ndimalandira yakuti", mnzake n'kutsala ndi mbamu m'manja. Lolemba lake bwana amakuitanani inu osunga mafayilo kuti muone ngati anthu a gulu limenelo analembedwa ntchito pa mfundo zofanana. Ndiye mumatenga makalata aja, kuwayala patebulo, kuwerenga ina kenako ina, ndipo pofika yachinayi mwaiwala zimene yoyamba inanena.

Makalata safananizidwa powerenga motsatizana choncho. Njira yake ndi kuphwanya ndime iliyonse ya ndalama m'tizigawo, kutiika mu tebulo limodzi, kenako n'kufananiza tizigawoto. Ndigwiritsa ntchito chitsanzo cha alangizi asanu a m'midzi, onse a giredi imodzi pa bungwe limodzi. Ziwerengero zake ndi zongopeka kuti masamu aoneke bwino.

1. Sonkhanitsani mapepala onse, osati kalata yoyamba yokha

Kalata yoitanira munthu pa ntchito ndi chithunzi cha tsiku limodzi. Amene analembedwa mu 2021 anadutsa pa kugwa kwa kwacha kwa Meyi 2022 ndi kuja kwa Novembala 2023, pamene inagwa ndi 44 peresenti, ndipo mabungwe ambiri anasintha malipiro pambuyo pake. Mukaika kalata yake ya 2021 pafupi ndi ya mnzake wa 2024, mupeza kusiyana kwakukulu komwe lero kulibe. Choncho pa munthu aliyense tengani kalata yoyamba, kontirakiti imene anasayina, kalata yomutsimikiza atamaliza nthawi yoyesedwa, ndi makalata onse okweza malipiro kapena giredi. Onetsetsani kuti ndi osayinidwa. Kalata ili mu kompyuta imatha kukhala yoyeserera, pamene yeniyeni munthu ananenerera ndipo wina anaikonza ndi bolopeni n'kusayina m'mbali.

Sankhaninso tsiku limodzi lofananizira, tinene 1 Julayi, n'kulilemba pamwamba pa tebulo. Funso lanu likhale lakuti: pa tsiku limenelo, mapepala akuti munthuyu ayenera kulandira chiyani?

Mayina achotseni msanga. Apatseni manambala, W1 mpaka W5, ndipo pepala losonyeza kuti W3 ndi ndani likhale m'kabati yokhoma. Tebulo la malipiro limayenda m'manja ambiri kuposa mmene mumaganizira, ndipo likangofika pa pulinta ya onse, madzulo ake nkhani yafika kale ku midadada.

2. Pezani ndime za ndalama

Makalata asanu kapena khumi werengani ndi maso, cholembera chili m'manja. Akachuluka, ndipo ali a PDF, atulutseni mawu ake kaye kenako musake mawu amene ndime zoterezi zimakonda:

```
pdftotext -layout W1.pdf W1.txt
grep -n -i -A3 -E "salary|basic|gross|allowance|pension|gratuity|medical|leave|bonus" W*.txt
```

Kachidutswa ka `-A3` kamaonetsanso mizere itatu yotsatira. Musakasiye, chifukwa chiwerengero chimakhala pa mzere umodzi koma msampha wake uli pa mzere wapansi. Ngati fayilo yotulukayo ili mbuu, ndiye kuti kalatayo inachita kujambulidwa ndi sikana, ndi chithunzi chabe, ndipo muyenera kuiwerenga nokha. Amene alibe malamulo amenewa pa kompyuta yake angosaka mawu omwewo ndi Ctrl+F mu kalata iliyonse.

Mukatha, sakaninso kachiwiri mawu amene amapotoza tanthauzo: `per annum`, `inclusive of`, `subject to`, `up to`, `discretion`, `upon confirmation`. Kusiyana kwambiri kumabisala kumeneko. Ndipo werengani tsamba lomaliza ndi zomata kumbuyo. Nthawi ina ndinamaliza tebulo lonse ndili wokhutira, kenako n'kuona kuti alawansi ya mafuta ya munthu mmodzi inali pa kapepala kolumikizidwa ndi sitepula kuseri kwa kalata, komwe ndinakayesa fomu ya ku banki.

3. Mzere umodzi, ndime imodzi

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndiye tichedwepo. Tsegulani Excel kapena pulogalamu ina yofanana nayo. Musayambe ndi tebulo la munthu mmodzi pa mzere umodzi, limenelo libwera pambuyo. Poyamba mzere uliwonse ukhale wa ndime imodzi ya munthu mmodzi, ndipo uyankhe mafunso awa motsatizana: munthu wake, chinthu chake monga besiki kapena nyumba, mawu enieni a m'kalata, chiwerengero, muyeso wake, chimene akuwerengerapo, zimene ziyenera kuchitika kuti alandire, ndi tsamba limene mwazipeza.

Mawu enieniwo koperani monga alili, ngakhale ali ndi zolakwika. Musafupikitse, musakonze. Mukalemba "nyumba 120,000" m'malo mokopera ndime yonse, mwataya kale chinthu chimene mumafuna. Taonani makalata awiri oyamba. Ya W1 ikuti besiki ndi K600,000 pa mwezi, alawansi ya nyumba ndi 20 peresenti ya besiki. Ya W2 ikuti besiki ndi K7,200,000 pa chaka, alawansi ya nyumba ndi K120,000 pa mwezi. Mukagawa K7,200,000 ndi miyezi 12 mupeza K600,000 yomweyo, ndipo 20 peresenti ya K600,000 ndi K120,000 yomweyo. Lero anthuwa akulandira chimodzimodzi mpaka tambala. Koma bungwe likakweza besiki ndi 15 peresenti, onse afika pa K690,000, ya nyumba ya W1 ikwera yokha kufika K138,000, pamene ya W2 ikhala pompo pa K120,000. Ndi K18,000 pa mwezi, K216,000 pa chaka, popanda wina aliyense amene anakonza zoti awasiyanitse. Kusiyana kumeneku sikuoneka pa chiwerengero. Kumaoneka pa danga lija la "akuwerengera pa chiyani", pamene W1 mwalemba "20 peresenti ya besiki" ndipo W2 mwalemba "ndalama yokhazikika".

Danga la zoyenera kuchitika nalonso musalipeputse. Thandizo la kuchipatala loyamba tsiku lolowa ntchito ndi loyamba munthu akatsimikizidwa ndi zinthu ziwiri, makamaka poti Lamulo la Ntchito la 2000 limalola nthawi yoyesedwa kufika mpaka miyezi 12. Bonasi imene kalata ikuti munthu "adzalandira" ndi imene ikuti "akhoza kulandira bungwe likaona kuti n'koyenera" nazonso sizifanana: yoyamba ndi ngongole ya bungwe, yachiwiri ndi chifundo cha bwana.

Kalata ikakhala chete pa chinthu, musasiye danga lopanda kanthu ndipo musalembe ziro. Ziro akutanthauza kuti kalata yanena kuti munthuyu sadzalandira. Lembani "sichinatchulidwe". Mwina chinthucho chili m'buku la malamulo a pa ntchito limene kalata yangolitchula, mwina wolemba anaiwala, ndipo mankhwala a ziwirizi ndi osiyana.

Chenjezo limodzi pa manambala. Mu danga la chiwerengero lembani 600000 basi, popanda K patsogolo. Mukalemba K600,000 pulogalamu imatenga ngati mawu, ndipo powerengetsa imangolumpha osakuuzani. Yesani danga lililonse ndi iyi, ndipo pamene yayankha `FALSE` mukonze:

```
=ISNUMBER(D2)
```

4. Ikani zonse pa muyeso umodzi

Sankhani muyeso umodzi: makwacha, pa mwezi, msonkho usanachotsedwe. Za pa chaka gawani ndi 12. Koma ngati kalata ikutchula malipiro a mwezi wa 13, onani ngati ali m'kati mwa ndalama ya pa chakayo, chifukwa ngati ali m'kati muyenera kugawa ndi 13.

Kalata yolonjeza ndalama yopita nayo kunyumba msonkho utachotsedwa ndi yovuta. Musaiyerekeze mwa mutu. Pemphani a zachuma aibweze ku ndalama yonse pogwiritsa ntchito magawo a msonkho wa PAYE amene MRA ikutsata pa tsiku lanu lofananizira, popeza magawo amenewa amasintha ndi bajeti ya boma. Lembaninso pambali kuti munthu ameneyu msonkho ukakwera salira, limene limalira ndi bungwe, pamene anzake amalira okha. Kalata ya madola nayonso muisinthe pa mtengo wa tsiku lomwelo, n'kulemba ngati yanena mtengo wa banki iti ndi wa tsiku liti.

Zinthu zoperekedwa osati ngati ndalama musazisandutse makwacha msanga. W1, W2 ndi W4 amalandira malita 40 a mafuta a njinga yamoto pa mwezi, pamene kalata ya W5 ikuti K100,000 ya mafuta. Tinene kuti pa tsiku limene inalembedwa lita inali K2,500. Pamenepo zinali zofanana ndendende. MERA ikakweza mtengo, tinene kufika K3,500, anzake akuthirabe malita 40, iye K100,000 yake ikugula malita 28 ndi theka, ndipo midzi yoti ayendere ndi yomweyo. Choncho sungani madanga awiri: chimene kalata yalonjeza, ndi mtengo wake lero.

Tsopano mukhoza kupanga tebulo lachiwiri, la munthu mmodzi pa mzere umodzi:

| Munthu | Besiki | Nyumba | Mafuta | Mayunitsi | Penshoni ya bungwe |
|---|---|---|---|---|---|
| W1 | 600,000 | 120,000, ya peresenti | malita 40 | 20,000 | 60,000 |
| W2 | 600,000 | 120,000, yokhazikika | malita 40 | 20,000 | 60,000 |
| W3 | 720,000 zonse pamodzi | ili m'kati | sizikumveka | sizikumveka | 60,000 kapena 72,000 |
| W4 | 660,000 | 132,000, ya peresenti | malita 40 | 20,000 | 66,000 |
| W5 | 600,000 | 120,000, ya peresenti | K100,000 | 20,000 | 60,000 |

5. Fananizani chotsika, osati chopingasa

Diso limathamangira kuphatikiza mzere wa munthu kuti lione amene akulandira zambiri. Dikirani kaye. Tsikani ndi chinthu chimodzi kuchokera kwa W1 mpaka W5, mumalize, kenako mupite pa china. Gulu likakhala lalikulu, fomula iyi imaika chizindikiro pa aliyense amene wasiyana ndi chiwerengero cha anthu ambiri:

```
=IF(B2=MODE(B$2:B$6),"","onani")
```

Fomulayi imagwira pa manambala okha, ndipo imafuna kuti pakhale anthu awiri ofanana, apo ayi imalemba `#N/A`. Imangoloza chala, sigamula mlandu. Anthu ambiri akhoza kukhala olakwika, mmodzi yekhayo n'kukhala amene kalata yake inatsata ndondomeko ya malipiro ya bungwe. N'chifukwa chake pamwamba pa W1 ndi bwino kuika mzere wina wa zimene ndondomekoyo ikunena pa giredi imeneyo.

Kalata ya W3 ndi imene ingakudyereni tsiku. Ikuti K720,000 pa mwezi kuphatikiza maalawansi onse. Pongoona zikufanana ndi anzake, K600,000 kuonjeza K120,000. Koma "onse" akutanthauza ati? Ngati ndi ya nyumba yokha, ali bwino. Ngati mayunitsi ndi mafuta alinso momwemo, ndiye kuti mwezi uliwonse akuperewera K20,000 ndi malita 40. Mbali inayi, kalata yake ikungoti bungwe lidzaika 10 peresenti ku penshoni, osanena kuti ya chiyani. Ya K720,000 ndi K72,000, pamene anzake akuikiridwa K60,000. Ndi K144,000 pa chaka yopita ku thumba lake kuposa anzake, ndipo nayenso 5 peresenti yake ikudulidwa pa ndalama yaikulu, K36,000 m'malo mwa K30,000. Kalata imodzi yomweyo ikhoza kumupondereza kuno n'kumukondera uko. Pa mizere ngati imeneyi musasankhe tanthauzo limene lakusangalatsani. Lembani matanthauzo onse awiri ndi ndalama zake.

Pa penshoni pali chinanso. Lamulo la penshoni la dziko lino limati olemba ntchito aziika zosachepera 10 peresenti ndipo wogwira ntchito 5 peresenti, koma ndalama yowerengerapo ili ndi tanthauzo lake m'lamulomo. Kalata ikangoti "besiki" sizitanthauza kuti nkhani yatha. Funsani oyendetsa thumba lanu la penshoni kuti ndi maalawansi ati amene ayenera kulowamo, chifukwa mwina olakwika ndi makalata anayi aja, osati ya W3. Onaninso ngati makalata onse akutchula inshulansi ya moyo imene lamulo lomweli limafuna kuti olemba ntchito atengere antchito awo.

Tchuthi chimanyenga ndi liwu limodzi. Makalata anayi akuti masiku 24 ogwira ntchito, ya W5 ikungoti masiku 24. Akawerengera Loweruka ndi Lamlungu momwemo, kwa munthu wogwira masiku asanu pa sabata atsala masiku a ntchito pakati pa 16 ndi 18. Gawo 44 la Lamulo la Ntchito limati tchuthi chisachepere masiku 15 ogwira ntchito kwa wa masiku asanu pa sabata, ndi 18 kwa wa masiku asanu ndi limodzi. Ndiye W5 sanagwe pansi pa lamulo, koma wagwa pansi pa anzake ndi sabata yathunthu ndi msuzi.

Pa zachipatala musangolemba kuti onse ali pa MASM. Lembani sikimu yake, chifukwa Econoplan si Executive, bungwe limalipira peresenti yanji, ndipo ndi abale angati amene alowa nawo. "Iye yekha" ndi "iye, mnzake wa m'banja ndi ana awiri" ndi ndalama zosiyana kwambiri, ngakhale sizioneka pa peyisilipi.

6. Tsimikizani ndi peyisilipi

Tengani peyisilipi ya mwezi wa tsiku lanu lofananizira n'kuiika pafupi ndi mzere wa munthu aliyense. Mafunso ambiri a pa W3 ayankhidwa pano: ngati mayunitsi akuoneka pa mzere wawokha, ndiye kuti vuto ndi la kalembedwe. Nthawi zina mupeza zotembenuka, makalata ali ofanana koma peyirolo ikulipira zosiyana, chifukwa kalata yokweza malipiro inakafika mu fayilo osafika kwa owerengera ndalama. Chizindikiro chake ndi chakuti ndalama ya pa peyisilipi ikufanana ndendende ndi ya m'kalata yakale.

Musanapite patsogolo, pemphani mnzanu wololedwa kuona mafayilo asankhe mizere khumi mwachisawawa, atsegule tsamba limene mwalemba, aone ngati mwakopera bwino. Akapeza cholakwika ngakhale chimodzi pa chiwerengero, bwerezani kalata yonseyo. Zolakwika zambiri zimachokera ku ziro mmodzi wosowa, kapena 6 wooneka ngati 8 pa pepala lofotokopedwa kangapo.

7. Gawani kusiyana m'magulu atatu

Si kusiyana konse kumene kuli vuto. W4 ali pa K660,000 chifukwa anabwera ndi zaka zambiri za ntchito ndipo anayambira pa notchi yapamwamba, sitepe yokwererapo ya malipiro m'giredi yomweyo. Ngati mu fayilo muli pepala la komiti yolemba ntchito lonena zimenezo, ndipo ndondomeko imalola, lembani "chifukwa chilipo" ndi tsiku la pepalalo. Ngati chifukwacho chili m'mutu mwa bwana amene anachoka chaka chatha, lembani "chifukwa sichinalembedwe". Ine pamenepa sindinyengerera: chifukwa chimene palibe angachionetse pa pepala sichingakuthandizeni kwa mkulu woona za ntchito pa boma, ngakhale ku khoti la milandu ya apantchito.

Gulu lachiwiri ndi la mawu osiyana koma ndalama zofanana lero, monga nyumba ya W2. Limeneli ndi losavuta kukonza panopa, popeza palibe amene akuluza kanthu, koma mukadikira kukweza malipiro kwa chaka chamawa lasanduka la gulu lachitatu. Lachitatulo ndi la ndalama zosiyana popanda chifukwa: mafuta ndi tchuthi cha W5, mwinanso mayunitsi a W3.

Mukafika apa tsegulani kabati ija, muone mayina. Gawo 6 la Lamulo la Ntchito limati anthu ogwira ntchito yofanana phindu lake alipidwe mofanana, popanda tsankho la mtundu, chipembedzo, kulumala, kukhala mwamuna kapena mkazi ndi zina zotero. Mukaona kuti onse amene ali pansi ndi amayi, kapena onse amene ali pamwamba ndi ochokera dera limodzi, nkhaniyo yaposa kulakwitsa kwa wotayipa, ndipo ipite kwa mkulu wa bungwe ndi loya wake musanalankhule ndi wina aliyense wa m'gulumo.

8. Lipoti ndi kukonza kwake

Lipoti likhale la tsamba limodzi, lopanda mayina. Pa vuto lililonse lembani nambala ya munthu, ndime yake monga ilili, mmene anzake alili, kusiyana pa chaka m'makwacha, ndi mwezi umene kunayamba. Mwezi umenewo ndi wofunika chifukwa funso loyamba la a zachuma lidzakhala la maariyasi: W5 wakhala akuonjezera mafuta kuchokera m'thumba mwake kwa miyezi ingati?

Pokonza, kalata yakale musaing'ambe ndipo musailembenso n'kuikapo tsiku lakale. Lembani kalata yatsopano yosintha ndime imodziyo, yonena ndime imene ikuchotsedwa, mawu atsopano, ndi tsiku loyambira, onse awiri asayine. Kukweza amene ali pansi n'kosavuta. Kutsitsa amene ali pamwamba ndi nkhani ina, chifukwa kalata yosayinidwa ndi pangano, ndipo bungwe silingalisinthe palokha munthuyo asanavomere. Ngati zapezeka kuti W3 wakhala akuikiridwa K72,000 ku penshoni, khalani naye pansi, mumuonetse masamu onse awiri, ndipo kalata yake yatsopano igawe K720,000 ija m'mizere yake: besiki K600,000 ndi nyumba 20 peresenti ya besiki, kenako ionjezere mafuta malita 40, mayunitsi K20,000, ndi chiganizo chimodzi chonena mosabisa kuti penshoni ikuwerengedwa pa ndalama iti.